Makatani, funso la "zingati?" ndi dipoziti imene inapita kwa munthu wina

Mayi amene ndikufotokoza nkhani yawo amasoka ndi kugulitsa makatani mumzinda wa Lilongwe. Ali ndi kashopu ka chipinda chimodzi, makina awiri, telala mmodzi, ndi mtsikana, mwana wa achemwali awo, amene amagwira foni ya shopu akaweruka kukoleji. Nsalu amakaoda ku Dar es Salaam, kumsika wa Kariakoo, n'kudzalowa nazo pachipata cha Songwe. Ine ntchito yanga ndi kuthandiza amalonda ang'onoang'ono kutsatsa katundu pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mayiwa anandiitana kumayambiriro kwa Disembala 2023, nthawi imene anthu amafuna kukonza pabalaza alendo a Khirisimasi asanafike.

Dandaulo lawo linali lalifupi. "Achimwene, anthu angoti zingati, zingati, koma wobwera palibe. Angofuna kundiseweretsa basi."

Anandionetsa chithunzi chimene anaika patsamba la shopu sabata yapitayo. Chinali chithunzi chabwino ndithu: makatani amtundu wa phulusa okhala ndi lesi yoyera kuseri, atapachikidwa m'nyumba ya kasitomala wina, dzuwa la m'mawa likulowa cham'mbali. Mawu otsatsa anali akuti nyumba yanu iwale Khirisimasi ino, nsalu zatsopano zafika, musachedwe. Mtengo panalibe. Pansi pake panali mndandanda wa anthu, ndipo pafupifupi aliyense anafunsa chinthu chimodzi m'mawu osiyanasiyana: "Zingati?" "Zili pa bwanji?" "Mita mukupanga bwanji?" Aliyense analandira yankho lofanana, lochita kukopera, loti onani ku inibokosi.

Zimene ndinapeza m'foni

Ndisananene chilichonse ndinapempha foni, pepala ndi cholembera. Ndinalemba dzina lililonse la amene anafunsa mtengo pansi pa chithunzicho, kenako n'kumalisaka ku inibokosi kuti ndione nkhani inathera pati. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, inanditengera masana onse, koma popanda kuchita zimenezi munthu umangonena zongoganiza.

Ofunsa anali 63. Mwa anthu amenewa, 41 okha ndiwo anatumiziridwadi uthenga. Otsalawo anauzidwa kuti aone ku inibokosi koma kulibe chimene chinapita, chifukwa mtsikana uja amayankha usiku atatopa, ndipo amasokoneza amene wamulembera ndi amene sanamulembere. Mwa 41 aja, anayankha ndi 14. Ogula anali atatu.

Chimene chinandiimitsa kwambiri ndi anthu 27 amene analemberedwa koma sanayankhe. Mayi amaganiza kuti anthuwa anathawa ataona mtengo. Nditatsegula mauthengawo mmodzimmodzi ndinaona kuti ambiri sanawerengedwe n'komwe. Chifukwa chake chinapezeka msanga. Mtsikana uja samalemba ndi dzina la shopu. Amadina dzina la wofunsayo n'kumulembera kuchokera pa akaunti yake yaiye mwini, chifukwa, mwa mawu ake, "imathamanga kuposa ya shopu." Uthenga wochokera kwa munthu amene si mnzako pa Facebook nthawi zambiri sufika pamndandanda wa macheza a tsiku ndi tsiku. Umakagwera kumalo otchedwa Message requests, kumene anthu ambiri satsegulako, ena sadziwa n'komwe kuti kuliko. Ndiye kasitomala wauzidwa poyera kuti aone ku inibokosi, watsegula, sanapeze kanthu, waganiza kuti shopuyi ndi yamasewera.

Amene anayankha aja nawonso sanalandire mtengo nthawi yomweyo. Uthenga woyamba umati, "Moni, mukufuna makatani a zenera lotani?" Munthu akayankha mawa lake, mtsikana ali m'kalasi. Akaona madzulo, amayenera kukafunsa azakhali ake. Ndinapeza macheza amene anatenga masiku anayi nambala yoyamba isanatchulidwe. Munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi kapena ya sabata sadikira choncho. Ndipo m'masiku anayiwo wadutsa kale pashopu ina kumsika, wagwira nsalu ndi manja, wauzidwa mtengo pakamwa.

Chifukwa chimene mayi amabisira mtengo

Apa ndikufuna kuchedwapo, chifukwa anzanga ambiri pantchitoyi amangouza wamalonda kuti ikani mtengo, ngati kuti wamalondayo ndi wopusa. Mayiwa anali ndi zifukwa, ndipo zina zinali zomveka.

Choyamba, makatani alibe mtengo umodzi. Zenera la kuchipinda cha ana ndi zenera lalikulu la pabalaza sizingafanane. Wina akufuna nsalu yokhuthala yokha, wina akufuna ndi lesi yomwe, wina akufuna malingi, wina tepi ya mbedza. Mayi amati ukatchula nambala imodzi, munthu amabwera nayo pashopu ngati lonjezo, ndipo ukamuuza kuti zenera lake ndi lalikulu amati wamunamiza.

Chachiwiri chinali kwacha. Pa 9 Novembala chaka chimenecho Banki Yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mayi anali atawotchedwa kale mu Meyi 2022, pamene kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti: anagulitsa nsalu pamtengo wakale, atapita kukaoda anapeza kuti ndalama yonse ija ikungokwanira gawo la katundu amene amabwera naye. Ndiye kulemba mtengo pamalo pamene ukhalepo mpaka kalekale kumawachititsa mantha. Ndimawamvetsa.

Chachitatu chinali shopu ina pamzere womwewo, ya munthu amene amakaoda kumsika womwewo wa Kariakoo, nthawi zina pabasi imodzi ndi iwo. "Ndikangolemba, mawa alemba wake wotsikirapo."

Panali chifukwa chachinayi chimene sananene, ndinachiona ndekha m'mauthenga. Nsalu imodzimodziyo inatchulidwa K9,000 pa mita kwa munthu wina, K11,000 kwa wina, K12,500 kwa wachitatu amene chithunzi chake anajambulitsa ataima pambali pa galimoto. Ndinafunsa mtsikana uja, anaseka. "Azakhali amayamba aona kaye nkhope." Kumsika zimenezi ndi zachizolowezi, wogulitsa amayamba pamwamba, wogula amanenerera, onse akudziwa masewera ake. Koma pafoni mawu amatsala, ndipo amajambulika. Amayi awiri a mpingo umodzi akhoza kutumizirana zithunzi za macheza awo ndi shopu imodzi, n'kupeza kuti wina anauzidwa K9,000 wina K12,500. Amene anauzidwa mtengo wokwerayo sabweranso, ndipo sanena chifukwa chake.

Ndinawauza mayi kuti wofunsa mtengo poyera aziyankhidwa poyera ndi nambala. Ndinawakumbutsanso kuti bungwe loona za chilungamo pamalonda la CFTC lakhala likuuza ogulitsa m'mashopu kuti aziika mitengo poonekera. Anandimvetsera mwaulemu, anandipatsa fanta, n'kukana. Anavomera chinthu chimodzi chokha, choti mtsikana asiye kulemba ndi akaunti yake, azilemba ndi dzina la shopu. Ndinachoka ndikudziwa kuti ntchito yachitika theka.

Loweruka limene zinthu zinatembenuka

Patapita masiku asanu anandiimbira foni cha m'ma 10 koloko m'mawa, mawu akunjenjemera. Pashopu panafika mayi wina wochokera ku Area 25, atanyamula chikwama chachikulu choti aikemo makatani ake. Makatani ake ati? Mayiyo anatulutsa foni n'kuonetsa macheza. Anafunsa mtengo pansi pa chithunzi chija cha makatani aphulusa. Anayankhidwa kuti aone ku inibokosi. Pasanathe ola uthenga unafikadi, wochokera pa akaunti yokhala ndi dzina lofanana ndi la shopu, kusiyana kwake kachilembo kamodzi, chithunzi chake chomwecho cha makatani aphulusa. Wolembayo anali waulemu, anafunsa miyeso, anatchula mtengo wabwino, anati nsaluyo yatsala pang'ono ndipo kuti aisunge pakufunika dipoziti ya K25,000. Anapereka nambala. Mayiyo anapita pa ejenti n'kutumiza. Anauzidwa kuti adzatenge Loweruka pashopu, ndipo malo amene anauzidwawo anali enieni.

Nditafika ndinapeza amayi awiriwo atakhala pabenchi, wina akulira, wina atagwira chibwano, telala ataimitsa makina. Nambala ija inali yozimitsa. Akaunti ija inali itamutsekera kale mayiyo.

Wakubayo sanachite kuthyola chilichonse, ndipo ichi ndicho ndikufuna anzanga achione bwino. Anangowerenga. Mndandanda wa anthu ofunsa "zingati?" ndi mndandanda wa anthu amene ali ndi chidwi, mayina awo ali poyera. Yankho loti onani ku inibokosi linamuuza kuti anthu amenewa akudikira uthenga. Ndipo shopu yeniyeniyo inali itawazoloweretsa kale makasitomala kulandira uthenga kuchokera ku dzina lachilendo, la mtsikana uja, ndiye dzina losiyana pang'ono silinadabwitse munthu. Popeza mtengo weniweni sunalembedwe paliponse, mayi wa ku Area 25 analibe choyerekezera. Akanaona poyera kuti zenera ngati lake ndi K51,000, wina n'kumuuza K35,000 mseri, mwina akanaima kaye. Khomo tinalitsegula tokha, wakubayo anangolowa.

Tinapita nawo kupolisi kukapereka lipoti, ndiponso ku ofesi ya kampani ya foni ndi nambala ya risiti ya ndalamazo. Ndalama zinali zitatapidwa kale, ndipo sizinabwerere. Akaunti yabodza ija tinaidandaulira kudzera pa Report, tinapemphanso makasitomala odziwika kuti achite chimodzimodzi. Patapita masiku inasowa. Kenako tinabwerera ku pepala langa lija n'kulembera anthu onse 63, ndi dzina la shopu, kuwachenjeza. Awiri anayankha kuti nawonso analemberedwa ndi akaunti ija koma anali asanatumize kanthu.

Mayi mwini shopu anaganiza okha zomusokera mayiyo makatani osamulipiritsa ndalama ya kusoka, angolipira nsalu. Ine sindinawauze kutero, ndipo mwa lamulo mwina analibe mlandu. Anati, "Anabedwa pakhomo panga." Madzulo a tsiku lomwelo ndi pamene anandiuza kuti tilembe mitengo.

Mmene tinapezera nambala yoti tizinena

Vuto loyamba la mayi linali lidakalipo: makatani alibe mtengo umodzi. Mayankho awiri ofulumira onse ndinawakana. Kungoti "zimatengera zenera lanu" ndi kubisa komwe kuja, kwangovala malaya ena. Kungoti "kuyambira K9,000" nakonso ndi msampha, chifukwa K9,000 ndi mita imodzi ya nsalu yosasoka, ndipo palibe zenera limene limatsekeka ndi mita imodzi. Munthu amabwera ndi K20,000 m'thumba akuganiza kuti atsala ndi chenji, n'kuuzidwa K51,000. Amachoka ndi manyazi, ndipo wochoka ndi manyazi sabwerera.

Tinasankha kutchula mtengo wa zenera limodzi lenileni, lomalizidwa, la muyeso umene mayi amasoka kawirikawiri. Anati ambiri mwa makasitomala awo ali ndi mazenera a kuchipinda a mita imodzi ndi theka m'lifupi. Tinakhala ndi telala n'kuwerengera. Katani kuti ipindike bwino, isaoneke ngati chinsalu chongopachika, imafuna nsalu yowirikiza kawiri m'lifupi mwa zenera, ndiye zenera la mita imodzi ndi theka limadya mamita atatu. Nsalu zawo zimabwera zotalika mamita 2.8, kotero kutalika kwa zenera wamba sikusintha kanthu pamtengo, chimene chimasintha ndi m'lifupi. Nsalu yokhuthala pa K9,000 mita, mamita atatu ndi K27,000. Lesi pa K5,000 mita, mamita atatu ndi K15,000. Kusoka nsalu yokhuthala ndi kuika malingi K2,000 pa mita, ndiye K6,000. Kusoka lesi ndi tepi yake K1,000 pa mita, ndiye K3,000. Zonse pamodzi K51,000. Wosafuna lesi alipira K33,000.

Powerengera chonchi panatuluka phindu limene sindinaliyembekezere. Zenera la mita imodzi ndi theka likakhala K51,000, ndiye kuti mita iliyonse ya zenera, osati ya nsalu, ndi K34,000 ndi lesi, kapena K22,000 popanda lesi. Mtsikana uja anazilemba pakapepala n'kumata kuseri kwa foni. Kuyambira tsiku limenelo samafunikanso kudikira azakhali ake. Munthu akati zenera langa ndi mamita awiri, amayankha pompo kuti K68,000 ndi lesi.

Nanga kwacha? Tinagwirizana kuti mtengo uliwonse wolembedwa uzikhala ndi tsiku lothera. Mayi anali ndi nsalu zokwanira mpaka kumapeto kwa mwezi, zogula kale, ndiye anatha kulonjeza mpaka pa 31 Disembala mosadzipweteka. Za kuona nkhope tinakambirana nthawi yaitali. Pomaliza anasankha K9,000, mtengo umene ambiri amagulira akamaliza kunenerera, osati K12,500 woyambira. Anadandaula kuti ataya ndalama kwa aja osanenerera. Ndinawafunsa kuti m'miyezi itatu ndi angati analipira K12,500 osatsutsa. Anawerenga pa zala, sanamalize dzanja limodzi.

Yankho lenilenilo

Mawu otsatsa pachithunzi chija tinawasintha, tinaikamo mtengo wa zenera la chitsanzo, tsiku lothera, ndi chenjezo loti shopu ili ndi nambala imodzi yokha yolandirira ndalama, komanso dzina limene limaoneka potumiza. Ndinamuchenjezeratu mtsikana kuti anthu azifunsabe. Mawu otsatsa akatalika, foni imangoonetsa mizere yoyamba, zotsalazo zimabisika mpaka munthu adine See more, ndipo ambiri sadina. N'chifukwa chake mtengo tinauika pamzere woyamba weniweni, zoti nyumba iwale zija n'kutsikira pansi. Komabe ena amafunsa ngakhale nambala ili pamphuno pawo. Kwa ena "zingati?" ndi moni chabe, njira yoyambira kucheza, monga munthu amafunsira mtengo wa tomato kumsika akuona kale kuti mulu ndi zingati.

Tsiku loyamba lomwe mtsikana analakwitsa apa. Bambo wina atafunsa, iye anayankha kuti, "Mtengo uli pamwambapo, werengani." Ndinamuuza afufute msanga. Yankho limenelo amaliwerenga si bamboyo yekha, amaliwerenganso ena makumi angapo amene sanafunse koma akuona mmene shopuyi imalankhulira ndi anthu. Tinalemba yankho loti aziligwiritsa ntchito, loti azilisintha pang'ono malinga ndi munthu:

"Zikomo bambo. Zenera la mita imodzi ndi theka m'lifupi ndi K51,000, nsalu, lesi ndi kusoka zonse pamodzi. Popanda lesi K33,000. Mtengowu ndi wa mpaka pa 31 Disembala. Zenera lanu ndi lalikulu bwanji, tikuwerengereni?"

Muli zinthu zinayi mmenemu ndipo chilichonse chili ndi ntchito. Nambala ikubwera m'chiganizo chachiwiri, osati kumapeto. Tikunena chimene chili m'kati mwa nambalayo, kuti pasadzakhale mkangano wa lesi pashopu. Tsiku likuteteza mayi. Funso lomalizalo ndi limene limasiyanitsa wongodutsa ndi wogula: amene wakatenga tepi, kapena chingwe, kapena wayeza ndi chitenje, n'kubwera ndi muyeso, ameneyo akufunadi makatani.

Inibokosi sitinaithetse, tinangoisinthira ntchito. Mtengo poyera, koma malo a nyumba, tsiku lodzayeza ndi za malipiro zimapita mseri, chifukwa si bwino munthu kulemba poyera kumene amakhala. Ndipo tinatembenuza njira: shopu siyambanso kulembera munthu, kasitomala ndiye amalembera shopu, podina Message patsamba kapena pa linki ya WhatsApp ya wa.me yokhala ndi nambala ya shopu yoyamba ndi 265 popanda ziro woyambirira uja. Tinalemba momveka kuti aliyense wokuyambani ndi uthenga m'dzina lathu si ife. Njira zonse ziwiri tinazisiya zotsegula chifukwa ena amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ena ya Facebook, ndiye ukamukakamiza kusamukira kwina umamutaya panjira. Munthu akalemba nambala yake ya foni poyera, mtsikana amailemba papepala kenako n'kudina Hide kuti anthu achilendo asaione.

Nthawi yoyankha tinaiika katatu pa tsiku: m'mawa asanapite kukoleji, masana pa nkhomaliro, ndi madzulo. Sindinalonjeze mayi zoyankha mphindi iliyonse, chifukwa palibe amene akanakwanitsa.

Zimene zinatsatira

Sabata yoyamba mayi anandiimbira kawiri kudandaula kuti foni yazizira. Zinali zoona. Pachithunzi chatsopano, cha makatani obiriwira, ofunsa mtengo anali ochepa kwambiri kuyerekeza ndi 63 aja, ndipo ku inibokosi kunali zii. Kwa munthu amene anazolowera kuona foni ikulira, bata limeneli limaoneka ngati malonda afa. Ndinawapempha kuti asawerenge mauthenga, aziwerenga miyeso. Tinajambula mizere m'kope: amene watumiza muyeso wa zenera, amene walipira dipoziti, amene watenga katundu. Pofika pa 23 Disembala anthu 19 anali atatumiza miyeso ndipo 11 analipira. Asanu mwa olipirawo sanafunsepo kanthu poyera. Anangowerenga mayankho opatsidwa kwa ena, n'kubwera ndi muyeso m'manja.

Sindinganene kuti zonsezi zinabwera chifukwa cha mayankho okha. Masabata awiri omaliza Khirisimasi isanafike malonda a makatani amakwera chaka chilichonse, ndipo ena olandira malipiro a mwezi amalandira msanga mu Disembala. Chimene ndingaikire umboni ndi chakuti nthawi yochokera pa funso kufika pa nambala inachoka pa masiku n'kufika pa maola ochepa, ndiponso kuti palibe wina anabedwa.

Mantha a mayi ena anachitikadi. Mnzawo wa pamzere uja analemba mtengo wake patapita masiku atatu, K8,000 pa mita. Mayi anakwiya, anafuna kutsitsa. Ndinawapempha tiwerenge kaye bwinobwino. Mnzawoyo analemba mtengo wa nsalu yokha, kusoka ndi lesi osatchula. Sitinatsitse, ndipo sitinamutchule paliponse. Wina atalemba pansi pa chithunzi chathu kuti kwina ndi K8,000, mtsikana anayankha kuti mtengo wathu ndi wa katani yomalizidwa, yongopachika, ndipo afunse kumeneko kuti zenera lake lonse lidzakwana zingati akasoka. Kodi tinataya makasitomala ena? Ndikukhulupirira kuti inde. Koma mnzawoyo amadziwa kale mitengo ya mayi, amaoda limodzi, ndipo akanafuna akanangotuma mwana kudzafunsa. Chinsinsi chija chimabisikira ogula okha.

Panalinso aja olemba kuti "Mwadula!" kapena "Ndi golide kodi?" Mayi amafuna kuti zoterezi zizifufutidwa. Ndinakana, pokhapokha ngati muli kutukwana. Yankho lofatsa losonyeza kuti popanda lesi ndi K33,000, kapena kuti pali nsalu ina yopepukirapo, limagwira ntchito kwa owerenga chamumtima. Mayi wina amene analemba "mwadula" anabwera yekha patapita sabata n'kusoketsa mazenera awiri opanda lesi.

Kunenerera poyera ndiko kunativuta kwambiri. Wina akalemba kuti "Ndichotsereni, ndili ndi 45," n'kuvomera pamaso pa onse, K45,000 ndiye wasanduka mtengo watsopano wa aliyense. Kukana mouma nakonso sikugwirizana ndi mmene timagulirana kuno, kumene wogula amafuna amve kuti wachitiridwako kanthu. Tinagwirizana lamulo limodzi lonenedwa poyera kwa onse: wosoketsa mazenera atatu kapena kuposa salipira kusoka kwa lesi. Ndi K3,000 pa zenera, ndalama imene mayi angaipirire, ndipo aliyense akudziwa kuti mnzake sanapatsidwe zoposa pamenepo.

Cholakwa changa chinaonekera mu Febuluwale. Mayi atabwerako kooda, nsalu inakwera kufika K11,500 pa mita, ndipo tinawerengeranso zonse. Pachithunzi chatsopano mitengo inali yatsopano. Koma chithunzi chakale cha makatani aphulusa chinali chikuyendabe, anthu akutumizirana, ndipo bambo wina anafika pashopu ndi chithunzi cha yankho lonena K33,000 popanda lesi. Yankho limenelo linalibe tsiku. Masiku otanganidwa a Khirisimasi mtsikana anayamba kufupikitsa, n'kumasiya chiganizo cha 31 Disembala, ndipo ine sindinabwerere kukaona. Mayi anamusokera bamboyo pamtengo wakalewo, zenera limodzi, chifukwa mawuwo anali a shopu ndipo sakanawakana. Madzulo ake tinakhala pansi n'kudutsa zithunzi zonse zakale, pamzere woyamba wa chilichonse n'kulemba kuti mitengo iyi inatha pa 31 Disembala 2023, yatsopano onani chithunzi cha pamwamba. Mayankho opanda tsiku tinawakonza limodzilimodzi, analipo 17. Tsiku lothera tinalisamutsa n'kuliphatika ku nambala yeniyeniyo, "K51,000 mpaka pa 31 Disembala," kuti wofupikitsa asathe kudula chimodzi n'kusiya chinzake.

Mayi akadali ndi mazenera ena amene salemba mtengo wake poyera: a m'maofesi ndi m'malo ogona alendo, kumene oda ndi ya mazenera makumi angapo ndipo pamafunika kukayeza kaye. Wofunsa za amenewa amauzidwa mtengo wa pa mita ya zenera ngati poyambira, ndi tsiku limene telala angapite ndi tepi. Kakapepala kuseri kwa foni kasinthidwa kanayi tsopano, ndipo mtsikana uja akamachoka kupita ku mayeso amasiyira telala foniyo ndi kakapepala komweko.